Mlonda wa m'kati mwa batire ya lifiyamu: ntchito ya BMS

Pali dandaulo lomwe amisiri a sola amalimva kawirikawiri kwa anthu amene angochoka pa batire ya asidi n'kugula ya lifiyamu. Masana dzuwa likuswa mtengo, mapanelo akupereka magetsi bwinobwino, koma batire yangosiya kulandira moto. Kontirola anaichuna kuti ifikitse batire pa 14.4V, koma batire ikukana ili pa 13.8V. Ena amadandaula za usiku: foni imasonyeza kuti moto watsala 30%, mphindi zochepa chabe nyumba yonse mdima bii. Mwini wake amathamangira kunena kuti amugulitsa batire yakufa. Nthawi zambiri batireyo siinafe. Yomwe yadula magetsi ndi kabolodi kakang'ono kobisika m'kati mwa bokosi lake, komwe pamapepala a batire amakalemba kuti BMS, ndipo kamakhala kataona chinthu chomwe kontirola ndi inveta sizingathe kuona.

Tiyeni titsegule batire imodzi yofala, ya 12.8V 100Ah, yamtundu wa LiFePO4. Uwu ndi mtundu womwe gulu la John Goodenough ku yunivesite ya Texas linaufotokoza cha m'ma 1996 ndi 1997, ndipo lero ndi umene wadzaza m'mabatire a sola a m'nyumba. M'kati mwa bokosilo simuli batire imodzi ayi. Muli maselo anayi, iliyonse ya 3.2V, olumikizidwa mondondozana: mutu wa ina kumchira wa inzake. Mukaphatikiza 3.2V kanayi mupeza 12.8V. Batire zazikulu za 51.2V zomwe zimapachikidwa pakhoma zili ndi maselo 16 olumikizidwa chimodzimodzi.

Selo iliyonse ili ndi malire ake awiri. Pamwamba siyenera kupitirira 3.65V, pansi siyenera kutsika kupyola 2.5V. Ikapitirira pamwamba, timadzi ta m'kati mwake timayamba kuwonongeka n'kumatulutsa mpweya, selo imafufuma, ndipo mphamvu yomwe yataya siibwereranso. Ikatsika kwambiri, makamaka ikakhalitsa pansi pa 2V, mkuwa wopyapyala wa m'kati umayamba kusungunukira m'timadzi tija. Tsiku lomwe mudzaitchajenso, mkuwawo umakaunjikana pamalo olakwika, ndipo ukhoza kuboola kachikopa kolekanitsa mbali ziwiri za selo. Batire ya asidi imapirira nkhanza zotere kwa kanthawi: mukaidyetsa moto wambiri imangowira, madzi n'kuphwera, inu n'kuwonjezera ena. Kuwirako kumapatsanso mpata maselo otsalira kuti apeze anzawo. Selo ya lifiyamu ilibe njira yotayira moto wopitirira, choncho pamafunika wina woiyang'anira.

Vuto lenileni ndi lakuti chaja, kontirola ndi inveta zimangoona mawaya awiri otuluka kunja, wofiira ndi wakuda. Zimadziwa chiwerengero cha maselo onse pamodzi, osati cha selo iliyonse. BMS ili ndi timawaya take topyapyala topita pamfundo iliyonse yomwe maselo alumikizana: tisanu pa batire ya maselo anayi, 17 pa ya maselo 16. Ndi timawaya timeneti imayeza selo iliyonse payokhapayokha, kangapo pa sekondi, mpaka kusiyana kwa magawo ochepa a volti imodzi itagawidwa 1,000.

Zomwe zimachitika pa 13.8V

Taganizani ndowa zinayi zofanana, iliyonse ili pansi pa mpopi wake, mipopi yonse ikuthira mofanana ndipo ili ndi chotsekera chimodzi. Ngati ndowa imodzi inali kale ndi madzi pang'ono, idzayamba kusefukira zinzake zisanadzaze, ndipo mudzayenera kutseka mipopi yonse. Maselo olumikizidwa mondondozana ali choncho: moto wodutsa mwa imodzi ndi womwewo wodutsa mwa onse, palibe yolandira wochepa.

Tinene kuti m'batire yathu selo yachitatu ili patsogolo pa zinzake ndi 5Ah. Kusiyana kotere kumabwera mwakachetechete. Maselo ngakhale ochokera fakitale imodzi safanana ndendende. Ina imataya moto payokha mofulumirirako ikangokhala, ina ili pafupi ndi mbali yotentha ya bokosi, ndipo batire ikakhala miyezi m'sitima, m'nyumba yosungira katundu ndi pashelefu ya m'sitolo, timasiyano timeneti timakula.

Tsiku lonse m'mawa simungaone kanthu. Selo ya LiFePO4 ili ndi khalidwe lachilendo: kuyambira ili ndi moto wa 20% mpaka cha m'ma 90%, mavolti ake amangoyenda pakati pa 3.2V ndi 3.35V. Selo yodzaza theka ndi ina yotsala pang'ono kudzaza zimaoneka ngati mapasa. Koma ikangofika kumapeto, mavolti amakwera mwadzidzidzi. Choncho masana selo yachitatu imadumpha kuchoka pa 3.4V kufika pa 3.65V m'mphindi zochepa, zinzake zitatu zili phee pa 3.38V. Phatikizani: 3.38 katatu ndi 10.14, kuwonjezera 3.65, yankho ndi 13.79V. Kontirola ikuona 13.8V, ikuti ulendo udakalipo mpaka 14.4V, ndipo ikupitiriza kukankha. Pakanapanda woletsa, maselo atatu aja akanakwera pang'ono chabe, mwina kufika 3.45V, ndipo yachitatu ikanasenza zotsala zonse n'kufika 4.05V, tsiku ndi tsiku, mpaka kufufuma.

Apa BMS imatsegula swichi yake ya mbali yotchajira. M'batire zazing'ono swichiyi ndi gulu la timatiranzisita totchedwa mosifeti. M'batire zazikulu ndi za galimoto zamagetsi ndi kontakita, yomwe mumaimva ikulira kuti khwa. Maswichi a mosifeti amakhala awiri, ina yoletsa moto kulowa, ina yoletsa kutuluka, n'chifukwa chake batire yokana kutchaja imapitiriza kuyatsa mababu. Ngati batire yanu imalumikizana ndi foni pa Bluetooth, nthawi imeneyo mumaona uthenga wokhala ndi zilembo `OVP`. Selo ija ikatsikako, swichi imatsekanso yokha, ndipo pa batire yomwe maselo ake asiyana kwambiri zimenezi zimabwerezeka masana onse.

Usiku nkhani imatembenuka. Inveta zambiri za 12V zinapangidwa poganizira batire ya asidi, ndipo zimazima pa 10.5V. Maselo atatu akhoza kukhala pa 3.0V ina ili pa 2.3V, pamodzi ndi 11.3V, ndipo inveta ikuona ngati zonse zili bwino. BMS siidikira zimenezo. Selo yoyamba kugunda 2.5V imadulitsa batire yonse, pafoni n'kulemba `UVP`.

Kulinganiza maselo, ntchito ya kamba

Kudula magetsi kumateteza selo, koma sikuchiza kusiyanako. Batire yathu ya 100Ah tsopano ikungopereka 95Ah: kutchaja kumaima selo yachitatu ikadzaza, kugwiritsa ntchito kumaima zinzake zikatha. Kuti 5Ah ija ibwerere, selo yachitatu iyenera kubwezedwa m'mbuyo kuti iyende limodzi ndi zinzake.

Njira yofala, yomwe ili m'batire zambiri zotsika mtengo, ndi yongotaya. Pa selo iliyonse pali karezisita ndi kaswichi kake. BMS ikaona kuti selo ina yakwera kuposa zinzake, imaiyatsira karezisita kake, ndipo moto pang'ono umasanduka kutentha. Mawu akuti "pang'ono" apa ndi enieni: timarezisita tambiri timakoka pakati pa 30mA ndi 100mA, chifukwa tikakoka wambiri bolodi lingatenthe m'bokosi lotsekedwa. Titenge 50mA, kapena kuti 0.05A. Kuti muchotse 5Ah pa liwiro limeneli pafunika maola 100.

Ndipo si maola 100 aliwonse. Chifukwa cha khalidwe lija la mavolti osasuntha pakatikati, BMS siingadziwe selo yomwe ili patsogolo mpaka maselo atayandikira kudzaza. N'chifukwa chake opanga ambiri amaichuna kuti iyambe kulinganiza selo ikapitirira 3.4V basi. Pa sola ya panyumba, batire imakhala pamwamba pamenepo mwina ola limodzi patsiku. Ola limodzi patsiku, maola 100: miyezi itatu ndi masiku angapo. Ndipo ngati mapanelo ndi ochepa moti batire siidzaza n'komwe, monga zimakhalira m'nyumba zambiri nthawi ya mitambo ya Januwale ndi Febuluwale, kulinganiza sikuyamba, ndipo kusiyana kumangokula. Apa ndi pomwe malangizo ofala akuti "lifiyamu safuna kudzazidwa" amasokeretsa anthu. N'zoona kuti selo siikonda kukhala yodzaza miyezi yathunthu, koma batire ya LiFePO4 yomwe siifika pamwamba ngakhale kamodzi pa sabata kapena awiri imamana BMS mpata wogwira ntchito yake.

Mmisiri wodziwa akapeza batire yodula pa 13.8V sathamangira kuitsegula. Amatsitsa mavolti a kontirola kufika pomwe selo yotsogola ikhale pamwamba pa 3.4V koma osagunda 3.65V, mwina 13.6V kapena 13.7V, n'kuisiya pamenepo maola ambiri ndi moto wochepa. Karezisita kamadya selo yotsogola pang'onopang'ono pomwe zinzake zikukwera. Kusiyana kukachepa, amakweza mavolti pang'ono, n'kudikiranso. Batire yolinganizika bwino, ili pamwamba, maselo ake amasiyana ndi 0.02V kapena 0.03V, yosiyana ndi 0.2V ili ndi ntchito yoti igwiridwe.

Njira yachiwiri siitaya moto, imausamutsa. Imautapa mu selo yotsogola, kuusunga kanthawi kochepa zedi mu kapasita kapena mu koyilo, n'kuuthira mu selo yotsalira. Zoterezi zimanyamula 1A kapena 2A, moti 5Ah yathu ija ikhoza kutha tsiku limodzi. Otsatsa malonda amaitama kwambiri njira imeneyi, koma ine ndimaona kuti pa batire yatsopano ya maselo abwino phindu lake n'lochepa: maselo otere amasiyana pang'onopang'ono moti karezisita kamakwanitsa. Imathandiza pa maselo akuluakulu a 280Ah, kapena pa batire zomwe anthu amamanga okha ndi maselo akale. Ilinso ndi msampha wake. Ikasiyidwa kuti izigwira ntchito nthawi zonse, ngakhale pakatikati pomwe mavolti sanena zoona, ikhoza kusamutsa moto molakwika usiku n'kusokoneza zomwe inakonza masana.

Chomwe njira zonse ziwiri sizingachite ndi kukulitsa selo yomwe yachepa. Ngati selo imodzi yakalamba n'kutsala ndi 80Ah, batire yonse ndi ya 80Ah, ngakhale zinzake zitatu zili zangwiro. Mungasiyanitse bwanji selo yongotsogola ndi selo yofooka? Yang'anani manambala kawiri, batire itadzaza ndi itatsala pang'ono kutha. Selo yongotsogola imakhala pamwamba pa zinzake nthawi zonse ziwiri. Selo yofooka imakhala yoyamba kudzaza masana, n'kukhalanso yoyamba kutha usiku. Pali chachitatu chomwe chimanamiza ambiri: bawuti yomasuka pamutu pa selo. Imachititsa selo kuoneka yokwera potchaja ndi yotsika inveta ikamakoka, koma mukazimitsa zonse manambala amabwerera pamodzi nthawi yomweyo, ndipo mutu umenewo umakhala wofunda mukaukhudza. Mankhwala ake ndi sipanala, osati selo yatsopano.

Ketulo, kutentha ndi chisanu

BMS imayezanso kuchuluka kwa moto wodutsa, pogwiritsa ntchito kachitsulo kotchedwa shanti komwe moto wonse umadutsapo. Batire zambiri za 100Ah zili ndi BMS yololeza 100A. Chulukitsani ndi 12.8V, mupeza mawati 1,280. Ketulo yamagetsi ya mawati 2,000, kudzera mu inveta yomwe nayo imadyako gawo lake, imakoka kupitirira 170A. Batire imapirira masekondi ochepa kenako n'kudula, ngakhale ili yodzaza ndipo inveta ndi yaikulu. Ogula ambiri amafunsa za 100Ah n'kuiwala kufunsa za 100A, pomwe nambala yachiwiriyi ndi imene imanena ngati ayironi kapena pampu idzayaka.

Mawaya akagundana, kudula kumachitika m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kufulumira kumeneku kumabweretsa chodabwitsa china: mukalumikiza inveta yaikulu koyamba, makapasita ake opanda kanthu amameza moto wochuluka nthawi imodzi, pamathetheka, ndipo BMS imayesa kuti mawaya agundana. Amisiri amayamba adutsitsa moto pa rezisita kwa masekondi angapo asanamange waya. Komabe fyuzi pafupi ndi batire ndi yofunika, pakuti mosifeti ikapsa nthawi zambiri imapsa ili yotseka, moto n'kumangodutsa popanda woletsa.

Pamaselo pamamatidwanso timasensa ta kutentha. BMS zambiri zimaletsa kutchaja kutentha kukafika cha m'ma 55°C. Koma selo imayamba kukalamba msanga kutentha kusanafike pamenepo, ndipo BMS siinena kanthu. Batire yoikidwa m'kachipinda ka malata kopanda zenera ku Nsanje kapena ku Chikwawa, komwe mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira 40°C, idzagwira ntchito osadula, koma zaka zake zidzafupika. Kumbali ya kuzizira lamulo ndi lolimba: selo ya lifiyamu siitchajidwa pansi pa 0°C, chifukwa lifiyamu m'malo molowa m'malo mwake amamatirira pamwamba ngati chitsulo, ndipo zimenezi sizibwezeka. Kwa ambiri kuno izi sizichitika, kupatula pamwamba pa Nyika kapena pa phiri la Mulanje m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma amene ali ku Joni kapena ku Mangalande n'kuika batire m'galaja ayenera kufunsa ngati BMS yake ili ndi chitetezo chimenechi. Zina zotsika mtengo zilibe.

Chifukwa chake 30% imasanduka ziro

Nambala ya moto wotsala, yomwe pafoni imalembedwa `SOC`, siiyezedwa ngati mafuta m'thanki. Imawerengeredwa. Popeza mavolti a LiFePO4 sanena zambiri pakatikati, BMS imawerenga moto wolowa ndi wotuluka pa shanti ija: 10A kwa maola awiri ndi 20Ah, ndiye pa 100Ah patsala 80%. Kuwerengaku kuli ndi zolakwika zing'onozing'ono zomwe zimaunjikana. BMS zambiri zotsika mtengo siziona moto wochepa kwambiri, monga wa rauta kapena babu limodzi. Babu lokoka 0.3A usiku wonse wa maola 10 ladya 3Ah zomwe sizinalembedwe paliponse. Pakatha masiku 10 buku la BMS lasiyana ndi zoona ndi 30Ah.

Bukuli limakonzedwa batire ikadzaza kwenikweni: mavolti akakwera, moto wolowa n'kuchepa, BMS imalemba 100% n'kuyambiranso. Batire yosadzaza kwa masabata imanyamula bodza lake mpaka usiku womwe selo ina idzagunde 2.5V foni ikunena 30%. Pamenepo chokhulupirira ndi mavolti a selo, osati peresenti. M'batire zazikulu, BMS imatumiza manambala amenewa ku inveta kudzera pa waya wa `CAN` kapena `RS485`, n'kuiuza kuti ichepetse moto selo isanagunde malire. Makonzedwe otere ndi abwino kuposa kudula mwadzidzidzi, komwe kumatha kudumphitsa mavolti kumbali ya kontirola n'kuononga zipangizo.

Batire ikadula chifukwa chotha moto, ena amaiyeza ndi mita n'kupeza ziro kapena mavolti awiri atatu. Maselo ali ndi moto wawo m'katimo, swichi ndiyo yatseguka. Vuto n'lakuti makontirola ndi machaja ambiri sayamba ntchito asanaone batire, pomwe BMS nayo ikudikira kuona chaja. Chaja yopangidwira lifiyamu imadziwa kuidzutsa. Chosafunika ndi kuisiya choncho miyezi, chifukwa BMS yomwe imadya pang'ono kuchokera m'maselo omwewo, ndipo ikhoza kuwatsitsa kufika pomwe mkuwa uja umasungunuka. Batire yokasungidwa ikhale ndi moto wa theka, mawaya onse atachotsedwa, ndipo izionedwa pakapita miyezi itatu iliyonse.

Choopsa kwambiri ndi chomwe amachita okonza ena a m'misika batire ikamadula pafupipafupi: kulumpha BMS, kulumikiza waya molunjika ku maselo. Kasitomala amapita kwawo akusangalala kuti batire yasiya kuvuta, pomwe selo yomwe imadulitsa ija tsopano ikukwera kupitirira 4V masana aliwonse. Pa LiFePO4 mapeto ake kawirikawiri ndi kufufuma ndi kutulutsa utsi woipa womwe ukhoza kuyaka. Pa maselo a 3.7V, a m'malaputopu ndi m'njinga zambiri zamagetsi, omwe malire awo ndi 4.2V, mapeto ake akhoza kukhala moto wovuta kuzimitsa.

Ngakhale BMS yabwino ili ndi pomwe imalekezera. Mphamvu yake yonse ili pa kudula waya wakunja. Ngati mbali ziwiri za selo zagundana m'kati mwa selo momwemo, chifukwa cha kachitsulo kotsalira ku fakitale, kugwetsedwa, kapena mkuwa uja, palibe swichi yoti itsegulidwe. Selo imadzitenthetsa yokha n'kuyatsa yoyandikana nayo. Mu Januwale 2013 batire ya ndege ya Boeing 787 inayaka ili pabwalo la ndege ku Boston, ndipo patangotha masiku asanu ndi anayi ina inakakamiza ndege kutera mwadzidzidzi ku Takamatsu, m'dziko la Japan. Ndege zonse zamtunduwu zinaimitsidwa mpaka mu Epulo. Batirezo, za maselo asanu ndi atatu, zinali ndi zipangizo zoziyang'anira, koma ofufuza a ku Amereka anapeza kuti ku Boston vuto linayambira m'kati mwa selo imodzi n'kufalikira kwa zinzake. Pokonza, kampaniyo inawonjezera zotchinga kutentha pakati pa maselo, n'kuika batire yonse m'bokosi lachitsulo lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kunja kwa ndege.